Zilembo zomwezo, uthenga wosiyana: mmene kachilombo ka malungo kamasinthira malaya

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje palibe wosadziwa malungo. Koma tadzifunsani: mwana akadwala chikuku kamodzi nthawi zambiri sadwalanso, nanga bwanji malungo amabwera chaka chino, chaka chamawa n'kubweranso? Mbali ina ya yankho ili pa kampangidwe ka DNA mkati mwa selo. Jini itha kukhalapo, zilembo zake A, T, G ndi C zonse zili bwinobwino, koma selo osaiwerenga. Phunziro la zimenezi amati epijenetikisi. (Ndikati majini ndikunena zidutswa za DNA, osati mizimu ija!)

Ulusi wa mamita awiri

DNA ya m'selo imodzi ya munthu, mutaitambasula, ndi yaitali pafupifupi mamita 2, chonsecho imakwana mu nyukiliyasi yosaoneka ndi maso. Kuti ikwane, imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa mahistoni, ngati ulusi wa telala pa kamtengo kake. Mahistoni 8 amapanga kampira kamodzi, ndipo mapeya 147 a zilembo amazungulira kampirako pafupifupi kawiri.

Chimagwira ulusiwu n'chiyani? Apa ndi fizikisi yeniyeni ya m'kalasi ija: machaji osiyana amakokana. Msana wa DNA uli ndi fosifeti, wa chaji ya negetivu. Mahistoni ali ndi timichira todzaza ndi amino asidi wotchedwa laisini, wa chaji ya pozitivu. Zikagwirana zolimba, enzaimu yomwe imakopera jini kukhala RNA imasowa polowera. Popanda RNA palibe puloteni, ndiye jiniyo ili duu.

Tsopano enzaimu ina, HAT, imamata kagulu ka asetilo, COCH₃, pa laisini. Chaji ya pozitivu ija imatha, kukokana kumachepa, ulusi n'kumasuka. Komanso asetiloyo amakhala ngati chikwangwani choitana mapuloteni othandiza kuwerenga jini. Enzaimu ya HDAC imachita zosiyana: imachotsa asetilo, chaji n'kubwerera, jini n'kutsekeka. Onani kuti palibe chilembo cha DNA chomwe chakhudzidwa.

Malaya 60, koma amodzi pa nthawi

Kachilombo ka Plasmodium falciparum kakalowa m'selo yofiira ya magazi, kamaika puloteni yotchedwa PfEMP1 pakhungu la seloyo. Puloteniyi ili ngati ulimbo: imamatiza selo kukhoma la timitsempha kuti isafike ku kapamba, komwe ikanawonongedwa. Maselo otere akaunjikana m'timitsempha ta mu ubongo, amathandizira kuyambitsa malungo a mu ubongo, omwe madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adayamba kuwafufuza pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre m'ma 1980.

Vuto la kachilomboka n'lakuti ulimbowu uli poyera, ndiye chitetezo cha m'thupi chimauzindikira n'kupanga maantibodi. Nako kali ndi nzeru yake. Kali ndi majini pafupifupi 60 otchedwa var, iliyonse yopanga PfEMP1 yamtundu wake, koma kamatsegula imodzi yokha pa nthawi.

Tiyeni tione pamalo amodzi, H3K9, kutanthauza laisini wa nambala 9 pa histoni H3. Pa jini yotseguka ija, malowa ali ndi asetilo. Pa zotsalazo asetilo wachotsedwa, ndipo m'malo mwake mwalowa timagulu titatu ta metilo, CH₃. Puloteni ya HP1 imagwira pamenepo n'kuthina ulusi. Kachilombo kakamachulukana, maola 48 alionse, ana ake ambiri amatengera zizindikiro zomwezo n'kuvala malaya omwewo. Koma ochepa amasintha: jini yakale itsekeka, ina itseguka. Maantibodi akapha ambiri aja, ochepawa amapulumuka n'kuchulukana.

Tidziwa bwanji kuti asetilo ndi wofunika pamenepa? Mu 2005 asayansi adawononga jini yopanga PfSir2, enzaimu yochotsa asetilo m'kachilomboka. Majini angapo a var omwe adali otsekeka adayamba kuwerengedwa pamodzi.

Izi zikutithandizanso kumvetsa chifukwa chake mayi wa pathupi poyamba amakhala pachiopsezo chachikulu, ngakhale adakulira kuno kuchigwa ndipo thupi lake lidawazolowera malungo. Jini imodzi, var2csa, imapanga ulimbo womata ku nsengwa. Thupi lake silinakumanepo ndi malaya amenewa mokwanira, choncho maantibodi ake alibe.

Metilo pa DNA yeniyeniyo

Samalani apa, ambiri amasokoneza. Metilo wa pamwambapa adali pa histoni. Mwa anthu muli njira inanso, yomata metilo pa DNA yeniyeniyo, makamaka pa C yemwe watsatidwa ndi G, malo otchedwa CpG. C wokhala ndi metilo ndi C ndithu, amagwiranabe ndi G. Koma malo oterewa akachuluka kumayambiriro kwa jini, mapuloteni ena oyambitsa kuwerenga amalephera kugwira. Pamabweranso mapuloteni okonda metilo, monga MeCP2, omwe amaitana HDAC kudzachotsa asetilo. Mwaona? Njira ziwirizi zimagwirira ntchito limodzi.

Chizindikirochi sichifufutika selo ikagawikana. CG pa chingwe chimodzi amayang'anizana ndi CG pa chinzake. DNA ikakopedwa, chingwe chakale chili ndi metilo, chatsopano chilibe. Enzaimu ya DNMT1 imapeza malo osakwanirawa n'kumalizitsa. Ichi ndi china mwa zomwe zimathandiza selo ya chiwindi kubala selo ya chiwindi, osati ya khungu, ngakhale zonse zili ndi DNA yofanana.

Popeza zilembo sizisintha, metiloyu amamuona bwanji? Amathira DNA mankhwala a baisalufaiti, omwe amasandutsa C wopanda metilo kuti awerengedwe ngati T, koma C wa metilo samusintha:

```
poyamba:        A C G T C A
CpG ya metilo:  A C G T T A
CpG yopanda:    A T G T T A
```

C wachiwiri wasintha konsekonse chifukwa sali pa CpG. Yang'anani chilembo chachiwiri: ndicho chikuulula.

Njala imasiya chizindikiro?

Kuchigwa kuno chilala ndi madzi osefukira zimabweretsa njala pafupipafupi, ndiye funsoli si la m'buku chabe. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo idadzetsa njala yoopsa kumadzulo kwa dziko la Netherlands. Mu 2008 asayansi adayeza magazi a anthu 60 omwe mayi awo adatenga pathupi pawo m'njalayo. Patatha zaka pafupifupi 60, metilo pa jini ya kakulidwe ya IGF2 adali wotsika ndi pafupifupi 5 peresenti poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Omwe njala idawapeza atatsala pang'ono kubadwa sadaonetse kusiyanaku. Choncho masabata oyambirira a pathupi ndiwo ovuta.

Koma tisapitirire malire. Kusiyanaku n'kochepa, ndipo kafukufukuyu sakutsimikiza kuti metiloyo ndiye adayambitsa matenda ena alionse. Komanso mwa anthu zizindikiro zambiri zimafufutidwa kawiri: popanga umuna ndi mazira, ndiponso dzira likangokumana ndi umuna. Wina akakuuzani kuti njala ya 1949 yomwe agogo anu adaiona idalembeka mwa inu, m'funseni umboni.

Kayeseni ichi m'kope: chingwe T C G A C G C chathiridwa baisalufaiti ndipo chawerengedwa T T G A C G T. Ndi C uti adali ndi metilo?