Mawu a pansi pa chithunzi cha tiyi tsiku la mvumbi

Mvumbi ukagundika Loweruka la mu Febuluwale, mafoni amadzaza ndi zithunzi zofanana: kapu ya tiyi pazenera, madontho akutsetsereka pagalasi, kunja kuli mbuu. Kujambula sikuvuta. Pamene ambiri amakakamira ndi pa mawu olemba pansi pake, ndipo mapeto ake amangoti, "Kukugwa mvula, ndikumwa tiyi." Mawuwa ndi oona, koma sanawonjezere kanthu, poti mvulayo ndi tiyiyo maso aona kale.

Ntchito ya mawu amenewa ndi kunena zimene kamera yalephera kugwira. Kamera siimva kulira kwa mvula padenga la malata. Fungo la dothi lonyowa kapena la chimanga chikupsa pambaula silimalowa m'chithunzi. Komanso kamera singadziwe chinthu chachikulu pa tsikuli, chakuti mwini kapuyo lero alibe kopita ndipo mtima wake uli m'malo.

Tiyerekeze kuti mwajambula kapu ya tiyi wamkaka ndi zitumbuwa ziwiri pambale. Yambani ndi kuchotsa chilichonse chimene chikuoneka: tiyi, zitumbuwa, zenera. Kenako khalani chete pang'ono, mumvetsere. Ngati chikumveka kwambiri ndi denga, lembani chimenecho: "Malata akulira." Onjezani kanthu kamodzi kosonyeza kuti mwakhalitsa pamenepo, monga "ketulo yabwerera pambaula." Wowerenga adziwa yekha kuti iyi si kapu yoyamba.

Mbali yovuta ndi yotsalayi, yonena kuti mulibe chochita. Mukalemba kuti "ndilibe chochita," ena amva ngati mukudandaula, ena ayesa ntchito yatha, mwina mlamu wanu aimba foni kufunsa ngati kuli bwino. Njira yake ndi kutchula chinthu chimene chikupuma nanu limodzi. Nsapato sizinachoke kuseri kwa chitseko. Ambulera sanatambasulidwe. Zochapa zidikira dzuwa. Mukasankha chimodzi, mawu onse amakhala otere: "Malata akulira, ketulo yabwerera pambaula, nsapato zanga lero zili pa tchuthi." Ine ndimakonda chiganizo chotere chifukwa sichinatchule mtendere, koma munthu akachiwerenga amaumva.

Mvula nayo siikhala yamtundu umodzi, ndipo owerenga amazindikira mawu akasemphana ndi nyengo. Mvula ya dzinja, yoyambira cha mu Novembala kufika mu Epulo, ndiyo imaliza malata, ndipo chakumapeto kwake imayenda ndi mondokwa wowotcha, maungu ndi mtedza wauwisi. Chiperoni ndi china. Chimabwera m'miyezi yozizira, makamaka Juni ndi Julaye, kuchokera mbali ya phiri la Chiperone ku Mozambique, n'kukuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Chimangowaza mwakachetechete, nkhungu ili tolo, moti wolemba kuti denga likulira pa tsiku lotere wanama. Apa mawu oyenera ndi a kuzizira: "Phiri labisala, mbatata yapsa, ine ndi bulangete sitisiyana." Chinyezi chomwechi chimathandiza minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo m'miyezi yopanda mvula yeniyeni, choncho masamba a Chombe kapena a ku Satemwa amene mwathira m'ketulomo ali paubale ndi nkhungu imene mukuiona pazenerayo. Wofuna atha kuitchula mfundoyi, ndipo mawu ake sangafanane ndi a wina aliyense.

Ngati mbaulayo mwailowetsa m'nyumba, tsegulani zenera. Mpweya wa makala sununkha koma umapha.

Pa za kutalika, chiganizo chimodzi kapena ziwiri zikwana. Pa Instagram mawu akapitirira zilembo pafupifupi 125 amadulidwa, otsalawo n'kubisika kuseri kwa `more`, ndipo si onse amadina. Pa sitetasi ya WhatsApp, imene imafufutika pakatha maola 24, anthu amadutsa mothamanga, chala chili chire. Muwerengereni mokweza mawu anuwo. Mpweya ukakutherani musanafike kumapeto, dulani. Tizithunzi ta kapu ndi mtambo kamodzi kakwana, ndipo mwambi wongotola kuti mawu aoneke anzeru usiyeni, chifukwa umalemetsa chithunzi chimene kukoma kwake ndi kupepuka.

Pali masiku ena oti mawu otere adikire. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atafika m'chigawo chakummwera, mvula imene ena ankaimvera m'nyumba zolimba ndi yomweyo inagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mvula ikagwa usana ndi usiku osakata, tsegulani wailesi kaye, mumve za mitsinje ndi za ku Chikwawa ndi Nsanje. Mukamva kuti madzi asefukira, chithunzicho chisungeni m'foni, muimbire abale okhala m'mbali mwa mtsinje.