Mphamvu ya Mapangano a Mayiko M'makhothi a M'dziko

Dziko likasayina pangano ndi mayiko ena, limakhala lalonjeza kwa mayiko anzakewo, ndipo lonjezolo limamanga boma. Koma woweruza wa ku Zomba kapena ku Mzuzu sagamula mlandu potengera malonjezo a boma. Amagamula potengera malamulo a dziko. Choncho kuti munthu wamba adalire pangano m'khothi, panganolo liyenera kupeza kaye njira yolowera m'malamulowo, ndipo mapangano ambiri njirayo saipeza.

Pangano limadutsa m'magawo angapo lisanamange dziko. Nthumwi za mayiko zimakambirana mpaka kugwirizana pa mawu ake, kenako zimasayina. M'mapangano ambiri aakulu kusayinako kuli ngati chitomero: kumasonyeza cholinga, koma ukwati sunachitike. Dziko limamangika likavomereza panganolo mwalamulo ndi kutumiza chikalata chotsimikiza kwa amene anasankhidwa kusunga zikalatazo. Mapangano ena amadikiranso kuti mayiko okwanira avomereze. Pangano la mayiko a mu Afirika la ufulu wa anthu, mwachitsanzo, linalembedwa mu 1981, linayamba kugwira ntchito mu 1986, ndipo Malawi analivomereza mu 1989.

Povomereza, dziko likhoza kupatula ndime zina n'kunena kuti sizidzalimanga. Malawi anachita zimenezi mu 1987 polowa m'pangano la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo. Mwa ndime zimene anapatula muli ya ufulu wosankha kokhala ndi kuyenda momasuka, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene boma limapereka posunga othawa kwawo ku Dzaleka.

Pangano likayamba kumanga dziko, mayiko amasiyana pa zimene makhothi awo angachite nalo. Ena amaliona ngati lamulo la dziko nthawi yomweyo. Ku Mozambique, pangano lovomerezedwa limakhala ndi mphamvu ya lamulo likangosindikizidwa m'gazeti ya boma, ndipo malamulo oyendetsera dziko la Kenya a 2010 amati pangano lililonse limene dzikolo lavomereza ndi mbali ya malamulo ake. Mayiko ena, makamaka amene anatengera malamulo ku Mangalande, amafuna kuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo lolowetsa panganolo. Chifukwa chake n'chakuti mapangano amapangidwa ndi mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, pomwe malamulo amapangidwa ndi aphungu. Siginecha ya mtsogoleri ikanakhala yokwanira kusintha malamulo, bwenzi boma likulambalala aphungu pongogwirizana ndi dziko lina.

Mlandu wa Chakufwa Chihana ndi umene unaonetsa bwino kusiyanaku m'Malawi. Chihana anamangidwa pa 6 Epulo 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo anazengedwa mlandu wolowetsa m'dziko ndi kusunga zolembedwa zoukira boma. Bwalo Lalikulu linamugamula kukakhala kundende zaka ziwiri. Pochita apilo, maloya ake anati chigamulocho chinaphwanya ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo anadalira zikalata ziwiri: Chikalata cha Ufulu Wachibadwidwe cha 1948 cha bungwe la mgwirizano wa mayiko onse, ndi pangano la mu Afirika lija.

Bwalo Lalikulu la Apilo, pogamula mu Malichi 1993, linasiyanitsa zikalata ziwirizi. Linati pangano la mu Afirika silinali lamulo la Malawi, ngakhale boma linali litalivomereza, chifukwa Nyumba ya Malamulo inali isanalilowetse m'malamulo. Koma chikalata cha 1948, chimene si pangano n'komwe ndipo palibe dziko limene linachisayina, linati chinali lamulo, chifukwa malamulo oyendetsera dziko a 1966 anachitchula poyera kuti boma ndi anthu a Malawi adzalemekeza ufulu wolembedwamo. Chimene chinapatsa chikalata mphamvu m'khothi si kulemera kwake pakati pa mayiko, koma kutchulidwa kwake m'malamulo a m'dziko. Ngakhale zinali choncho, bwalolo linaona kuti ufulu wolankhula uli ndi malire, linavomereza kuti Chihana anali wolakwa, koma linachepetsa chilango kufika pa miyezi isanu ndi inayi.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaika nkhaniyi m'ndime 211, imene inasinthidwa mu 2001. Monga ilili tsopano, ndimeyi imagawa zinthu patatu. Pangano limene dziko lalowa malamulowa atayamba kale kugwira ntchito limakhala lamulo pokhapokha lamulo la Nyumba ya Malamulo litanena choncho. Mapangano akale amapitiriza kumanga dziko, pokhapokha aphungu atanena zina. Malamulo a mayiko ochokera ku chizolowezi, amene mayiko akhala akuwatsata kwa nthawi yaitali powaona kuti ndi lamulo, amakhala mbali ya malamulo a Malawi ngati sakutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko kapena lamulo la aphungu.

Mkangano uli pa mapangano akalewo. Mawu oyambirira a 1994 ankanena kuti mapanganowo ndi mbali ya malamulo a dziko, pomwe mawu a 2001 amangoti akupitiriza kumanga dziko. Akatswiri ena amati zimene zinalowa kale m'malamulo mu 1994 sizinatulukemo. Ena amati kumanga dziko pamaso pa mayiko anzake n'kosiyana ndi kukhala lamulo lodalirika m'khothi.

Kawirikawiri aphungu sakopera pangano lonse. Amatenga mfundo zake n'kuzilemba m'lamulo la m'dziko, monga anachitira ndi lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015. Pamenepo woweruza amatsata mawu a lamulolo, ndipo mfundo ya pangano imene aphungu anaisiya imatsala kunja. M'pomveka kuti kulemba lamulo kumafunika, chifukwa mapangano ambiri amangolamula mayiko kuti alange mchitidwe wakutiwakuti osatchula chilango. Khothi silingatumize munthu kundende popanda lamulo lofotokoza mlandu ndi chilango chake.

Pangano losalowetsedwa si kuti limakhala lopanda ntchito. Ndime 11 ya malamulo oyendetsera dziko imauza makhothi kuti potanthauzira malamulowo aziganizira mfundo za malamulo a mayiko pamene zikukhudza nkhaniyo. Lamulo likakhala ndi matanthauzo awiri, woweruza amasankha logwirizana ndi zimene dziko linalonjeza. Koma lamulo la aphungu likakhala lomveka bwino, ndipo silikuphwanya malamulo oyendetsera dziko, khothi limalitsata ngakhale likutsutsana ndi pangano. Zikatero dziko limakhalabe ndi mlandu kunja, pakuti pangano la ku Vienna la 1969 limaletsa dziko kuzemba lonjezo ponamizira malamulo ake a mkati. Wodandaula akhoza kupita ku mabwalo monga khothi la Afirika la ufulu wa anthu ku Arusha, makhothi a kwawo akamukanika.

Loya wofuna kudalira pangano m'khothi la m'Malawi amafufuza kaye ngati dziko linangosayina kapena linavomereza, m'chaka chiti, komanso ngati linapatula ndime imene akuifuna. Kenako amafunafuna lamulo la aphungu limene linalowetsa mfundoyo. Likapezeka, mlandu amaumanga pa lamulolo. Likasowa, amaumanga pa ndime ya malamulo oyendetsera dziko yokhudza ufulu womwewo, ndipo pangano amalitchula pothandiza woweruza kutanthauzira ndimeyo.