Kukapepesa mayi amene mwana wake wabadwa atamwalira

Amayi anzanga, za pamaliro a munthu wamkulu mumazidziwa kale. Mukafika pasiwa simuyamba ndi “muli bwanji” ngati mwakumana pamsika. Mumalowa mwakachetechete, kukhala pamphasa, kulira nawo, ndipo pakapita kanthawi mpamene mumasendera kwa namfedwa ndi kunena motsitsa mawu kuti, “Pepani ndi zovutazi.” Dzina la imfa sitilitchula mwachisawawa: timati watisiya, kapena kuti kwagwa zovuta. M'madera ambiri ngakhale pochoka satsanzika mokweza.

Koma pali maliro ena amene ambirife timasowa nawo chonena: a mwana wobadwa atamwalira kale, amene kwathu kuno timati mtayo. Mwamwambo amakaika ndi amayi akuluakulu okha, mwamsanga, popanda kulira mokweza. Palibe siwa, palibe nyimbo, palibe chipepeso. Mayi amatuluka m'chipatala chimanjamanja, ndi kukapeza mudzi uli zii ngati sipanachitike kanthu. Mwambowo sindikulimbana nawo pano. Ndingoti suletsa inu kukamuona.

Tiyerekeze kuti mayi wa m'mphakati mwanu wabwerako kuchipatala ndipo lero ndi tsiku lachitatu. Pitani awiri kapena atatu, osati gulu lonse, ndipo amene ali ndi khanda kumsana ayambe wadikira. Mukalandiridwa, khalani pansi pafupi naye. Mawu oyamba akhale ochepa: “Pepani mayi, tamva zimene zakuonekerani. Tabwera kudzakuonani.” Basi. Mukatero khalani chete, ngakhale cheteyo atalike. Akayamba yekha kufotokoza, mverani osamudula. Akalira, musamuletse. Ena amati akalira sadzaberekanso, koma misozi sitseka chiberekero.

Tsono mawu amene amatuluka msanga pakamwa pathu ndi aja akuti, “Musadandaule, mukadali wamng'ono, mudzabereka wina.” Wonenayo amafuna kutonthoza, koma wakumvayo amamva kuti mwana amene wamusenza miyezi 9, amene amamumva akugunda m'mimba, sanali munthu woyenera kumulira. Chimodzimodzi mawu akuti “bola inu muli moyo” kapena “anali madzi chabe”. Ngakhale akuti “ndi chifuniro cha Mulungu” asiyeni awatchule yekha mwini wake ngati afuna.

Mafunso ofufuza nawonso asiyeni kunyumba. “Kodi munachedwa kupita kuchipatala?” “Kusikelo munkapita?” “Bambo anayenda bwino nthawi ya pakatiyi?” Funso lililonse lotere ndi mlandu, ndipo lomalizali lapasula mabanja. Mwana angathe kufera m'mimba chifukwa cha malungo, kuthamanga kwa magazi, chindoko, nsengwa kulekana ndi chiberekero nthawi isanakwane, kapena matenda a uchembere kutalika. Nthawi zina ngakhale ife azamba chifukwa chake sitichipeza. Zimenezi akakambirane ndi achipatala paokha, osati pamphasa pamaso pa apongozi.

Pali funso limodzi limene mayi wachikatolika amalisunga mumtima: mwana wanga sanabatizidwe, ali kuti? Akalitulutsa, musayankhe zongoganiza. Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 1261, amaphunzitsa kuti ana otere timawapereka m'chifundo cha Mulungu, ndipo tili ndi chiyembekezo cha chipulumutso chawo. Mufunseni ngati angakonde kuti abambo mfumu kapena akatekisiti adzamuyendere.

Komabe chete wa ulemuyu asakwirire za thupi lake, pakuti mayiyu ndi mchembere ngati wina aliyense amene wangochira kumene. Mmodzi wa inu, wamkulu, atsalire naye paseri ndi kufunsa: “Nanga m'thupi mukumva bwanji?” Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi mawere amadzaza mkaka ngakhale woyamwa palibe, ndipo ambiri sauzidwa zimenezi. Avale kamisolo kogwira bwino, aikepo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, ndipo akalimba kwambiri afinye pang'ono pongochepetsa ululu, chifukwa kukama kwambiri kumachulukitsa mkaka. Ngati magazi akunyowetsa nsalu yonse ola lisanathe, ngati thupi latentha, zotuluka kumusi zikununkha, kapena mutu ukuwawa kwambiri ndi maso kuchita chidima, musadikire kuti kuche. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mukumbutseninso tsiku lobwerera kuchipatala limene anamulembera m'buku lake, ndi la pa masabata 6. Ambiri sapita poopa kukakhala pamzere umodzi ndi anzawo oyamwitsa, choncho wina adzipereke kumuperekeza.

Bambo wake musamudutse pakhonde ngati mlendo. Nayenso muuzeni “pepani”. Pochoka siyani kaufa kapena nkhuni osalengeza, ndipo nenani tsiku limene mudzabwerenso. Sabata yachiwiri, achibale atabalalika, mpamene nyumba ija imakula.