Geni yoonjezera: yambani ndi kope, osati ngongole

Malipiro akamathera pakati pa mwezi, anthu ambiri amafunsa anzawo kuti ndi geni yanji ikuyenda masiku ano. Funsoli ndi limene lachititsa kuti pamsewu umodzi pakhale mabenchi asanu a tomato. Chofunika kufunsa ndi chakuti muli ndi chiyani kale, ndipo yankho lake limakwana patsamba limodzi la kope: maola amene mumakhala omasuka, luso lanu, zipangizo za pakhomo, ndi kandalama kamene mwasunga.

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito mushopu ku Limbe. Amanyamuka 6 koloko m'mawa n'kubwera chakumadzulo, koma Loweruka masana ndi Lamlungu akachoka kutchalitchi amakhala pakhomo. Amadziwa kuphika mandasi ndi kuluka tsitsi. Ali ndi firiji, mbaula ndi foni, ndipo wasunga K60,000. Manambala a m'nkhani ino ndi ongoyerekeza; mitengo simakhazikika, monga tinaonera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho ikanimo ya kumsika kwanu.

Pa zinayi zija, maola ndi amene amanamiza anthu kwambiri. Sikokwanira kulemba kuti "ndili ndi maola khumi pasabata". Lembani kuti ndi maola ati. Mandasi amayenda m'mawa, anthu akamamwa tiyi, ndipo nthawi imeneyo mayiyu amakhala ali m'minibasi. Ngakhale akhale katswiri pophika, geni imeneyi ayifufute, pokhapokha atapeza wagolosale woti azimusiyira beseni, yemwe nayenso adzafuna yake. Kukhala ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumafuna munthu wokhala pakauntala tsiku lonse komanso ndalama zambiri zozungulira. Kasitomala akabwera kawiri n'kumva kuti palibe ndalama, kachitatu amapita kwina.

Ndalama nazo zisalembedwe zonse ngati mpamba. Pa K60,000 ija achotse ya matenda ndi ya lendi ikaperewera, mwina K40,000. Yotsalayo, K20,000, ndi imene angaiike pageni popanda kusowa tulo itati yalowa m'madzi. Apa belo la kaunjika lagwa lokha, ndipo wakatapila asayerekeze n'komwe kumuyandikira, chifukwa chiwongoladzanja chake chimayamba kuwerengedwa musanagulitse kanthu.

Zatsala ziwiri: mafirizi a malambe ndi kuluka tsitsi. Mafirizi akugwirizana ndi moyo wake chifukwa angawapange usiku, firiji n'kugwira ntchito iye ali mtulo, m'bale wake wapakhomo n'kumagulitsa masana. Akapanga 100 n'kugulitsa pa K200 lililonse, apeza K20,000. Achotsepo malambe, shuga, mapepala ndi mayunitsi a magetsi, tinene K11,000. Patsala K9,000. Koma ena amaphulika, ena ana apakhomo amadya (ndipo adzadyadi, musadzinamize), ndiye khumi akatayika phindu latsika kufika K7,000. Ngati kusefa malambe, kuthira ndi kumanga kwamutengera maola atatu, ola lililonse lamupatsa pafupifupi K2,300.

Kuluka sikufuna mpamba, pakuti kasitomala amabwera ndi meshi yake. Mutu umodzi pa K8,000, maola anayi, ndiye K2,000 pa ola. Papepala mafirizi apambana, koma ine ndingamuuze kuti ayambe ndi kuluka. Magetsi akazima tsiku lonse mafirizi amasungunuka, ndipo mu Juni ndi Julayi, kukamazizira, palibe amawafuna. Nyengo yake ndi Okutobala ndi Novembala. Woluka akasowa kasitomala amangotaya Loweruka lake, K20,000 ija ili chikhalire. Vuto lake n'lakuti kuluka kuli ndi malire: manja ndi awiri, ndipo mitu yoposa iwiri kapena itatu pamapeto a sabata siingatheke popanda msana kudandaula Lolemba kuntchito. Makasitomala amachuluka kumapeto a mwezi ndi mu Disembala, pakati pa mwezi n'kuti zii.

Akasankha, ayese kwa mwezi wathunthu, kuti aone sabata ya malipiro ndi sabata youma yomwe. Ndalama ya geni aziisunga payokha, m'kachitini kapena panambala ina ya foni, isamasakanikirane ndi ya ndiwo. Chizindikiro choti zinthu zikupendekeka chimaoneka tsiku lokaoda: ngati akutapa m'malipiro kuti agule shuga wa mafirizi, ndiye kuti mpamba wadyedwa. Kawirikawiri wakuba wake amakhala ngongole za aneba, aja onena kuti "ndikupatsani pa 30". Mayina awo alembedwe m'kope lomwelo, ndipo ndalama imene sinalowe m'manja isawerengedwe ngati phindu la mwezi umenewo.