Pepala Lopulumutsa Mayina pa Mwambo wa Madigiri

Pa yunivesite ya Howard ku America, wophunzira wochokera ku Ireland dzina lake Siobhán akhoza kuitanidwa kuti “Si-o-bani” pamaso pa makolo ake. Dzinali limatchulidwa kuti shi-VON. Ndiye chifukwa chake masukulu ambiri kumeneko amapatsa woulutsa mayina pepala lapadera.

Ntchito imayamba masabata angapo mwambo usanafike. Wophunzira aliyense amalemba pa kadi mmene dzina lake limamvekera, ena amajambulanso mawu awo. Kenaka mlembi amadula dzina m'zigawo, n'kulemba ndi zilembo zazikulu chigawo chofunika kuchikweza. Nguyen wa ku Vietnam amalembedwa WIN, pomwe Joaquín wachisipanishi amakhala wa-KEEN. Zizindikiro za akatswiri a zinenero sazigwiritsa ntchito, poti woulutsa ali ndi masekondi ochepa wophunzira asanafike pa nsanja.

Mayina a kwathu nawo ali ndi misampha yake. Mzungu akaona Phiri amati “Firi”, choncho pepala limalemba PEE-ree. Ng'oma ndi lovuta koposa: kulilemba NGO-ma kumabweretsa g wolimba ngati wa mu Ngoni. Alembi ena amawonjezera kuti ng' ameneyu amveke ngati kumapeto kwa liwu lachingerezi lotanthauza kuimba.

Poyeserera, munthu wina amene sanamvepo dzinalo amawerenga pepalalo mokweza. Akalakwitsa, cholakwa ndi kalembedwe, ndipo amakonza tsiku lisanafike.