Ekisire Yochokera mu Seziyamu-137 Ndi ya Bariyamu

Seziyamu-137 akasweka amasanduka bariyamu-137, ndipo nthawi zambiri phata la atomu yatsopanoyo limatsala ndi mphamvu yapadera yokwana 662 keV. Mwa maatomu khumi otere, pafupifupi asanu ndi anayi amataya mphamvuyi ngati cheza cha gama.

Wakhumiyo ndiye wosangalatsa. Phata lake limapatsira mphamvu yonseyo mwachindunji elekitironi ya atomu yomweyo, kawirikawiri ya m'chigawo cha K, choyandikana kwambiri ndi phatalo. Ena amaganiza kuti gama amayamba watuluka kenako n'kugunda elekitironiyo. Ayi, gama sabadwa n'komwe. Kuzula elekitironiyo pamalo pake kumadya 37 keV, choncho imauluka ndi pafupifupi 624 keV nthawi zonse. Apa ndi pomwe imasiyanirana ndi maelekitironi a beta, omwe mphamvu zawo zimakhala zosiyanasiyana.

Mpando wosiyidwawo sukhalitsa. Elekitironi ya m'chigawo cha L imatsikiramo, n'kutulutsa ekisire ya 32 keV, ngakhale nthawi zina mphamvuyo imangokankhira kunja elekitironi inanso. Nambala ya 32 imeneyi ndi ya bariyamu, chifukwa pofika pamenepa seziyamu anasanduka kale.