Kamera Yosagona ndi Intaneti ya Pakhomo

Kamera yolondera pakhomo yolumikizidwa pa intaneti imasiyana ndi foni. Foni imakoka zinthu mukaigwira. Kamera imatumiza kunja, usana ndi usiku, ngati mwaiuza kuti zonse izisunga pa intaneti.

Tiyeni tiwerengere. Kamera yojambula zooneka bwino ingatumize mamegabiti 2 pa sekondi. Pa ola ndi mamegabaiti 900, pa tsiku ndi magigabaiti oposa 21. Bandulo ya magigabaiti 20 siingakwane tsiku lathunthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi njira yotumizira. M'makomo ambiri njirayi ndi yopapatiza kuposa yolandirira. Makamera awiri akaidzaza, mukamaimbirana pa vidiyo winayo amakumvani moduladula, pomwe filimu ikuoneka bwinobwino. Chizindikiro chake ndi chimenecho. Zimitsani makamerawo mphindi zisanu, muimbenso. Zikayera, mwalipeza vuto.

Mababu ndi mapulagi amakono amatumiza tochepa, koma akachuluka rauta yotchipa imalema nawo.

Kamera ikhale ndi memori khadi, ndipo izitumiza pokhapokha ikaona chinthu chikuyenda. Ingoonetsetsani kuti sinapenye mtengo wogwedezeka ndi mphepo, chifukwa idzangotumiza tsiku lonse.